Kalata ya zaka 10 imene ndinadzilembera: momwe ikuyendera

Ndine wa zamagetsi, ndimakhala ku Zingwangwa, ndimagwira kwa kontirakitala wina cha ku Makata kuno ku Blantyre. Kumapeto kwa 2020 ndinadzilembera kalata yofotokoza komwe ndikufuna ntchito yanga ikhale itafika pokwana Disembala 2030, ndipo chaka chilichonse ndimaitsegula nkuona ngati ndikuyenda kapena ndikungozungulira pamodzimodzi. Anzanga awiri atatu akhala akundifunsa kuti kodi kalatayo imatheka bwanji, ndiye ndangoti nditenge zomwe ndimalemba kumbuyo kwa kope ndiziike pamodzi, zolakwika zomwe.

27 Disembala 2020

Zogula zinali zochepa: kope la hadikava K1,200, mabolopeni awiri, wakuda ndi wofiira, ndi fayilo ya pulasitiki yoikamo malisiti K600. Ndinali ndi zaka 27, pepala la tiredi tesiti giredi 2, salale ya K95,000, mkazi ndi mwana mmodzi wa zaka ziwiri.

Kalata yoyamba ndinailemba usiku umodzi, masamba anayi, ndipo inali yokoma heve. Munali kampani yanga yokhala ndi ofesi ku Ginnery Corner, munali pikapu yoyera yolembedwa dzina langa m'mbali, munali mawu oti ndidzakhala munthu wolemekezeka pa ntchito. Mawa lake ndinapita nayo ku Ndirande kwa mdala amene anandiphunzitsa kugwira pulayazi, anaiwerenga atavala magalasi awo aja omanga ndi waya, kenako anangoti, "Yakoma mwana wanga. Nanga chaka chamawa ukadzatsegula, udzadziwa bwanji kuti ulemuwo wakwera kapena watsika? Uli ndi mita yake?" Ndinaseka koma zinandilowa. Mu masamba anayi onsewo munalibe mzere ngakhale umodzi woti munthu nkuyankha kuti eya kapena ayi.

3 Januwale 2021

Ndinang'amba masamba aja nkulembanso, ulendo uno tsamba limodzi ndi theka basi. Nayi momwe inayambira:

"Iwe wa 2030, ndikukulembera ine wa 2021, amene ndikukwera minibasi ndi chikwama cha zida za abwana. Sindikudziwa ngati ukadali ndi tsitsi. Ndikufuna ukamawerenga izi ukhale ukudzilemba wekha ntchito, uli ndi anyamata osachepera awiri amene ukuwalipira mwezi ndi mwezi osawazemba, ndipo usakubwereka sitampa ya munthu. Ukakhala kuti unasintha maganizo palibe mlandu, koma ulembe chifukwa chake pansi apa, usafufute."

Nkhani ya sitampayo mwina ena simuidziwa. Nyumba ukaiwaya, kuti ESCOM idzalumikize magetsi pamafunika kuti pepala lisayinidwe ndi munthu amene ali ndi chilolezo cha MERA. Ife opanda chilolezo timagwira ntchito yonse, kukumba khoma, kuika mapaipi, kukoka waya, kenako nkupita kukagwada kwa mwini sitampa amene sanapondeko nkomwe pamalopo, iyeyo nkudyapo gawo lake. Chinthu chimene chinkandiwawa kwambiri pa ntchito yanga chinali chimenechi, ndiye kalata yonse ndinaimanga mozungulira pamenepo.

Pansi pa mawu aja ndinalemba mizere isanu. Giredi 1, yapamwamba pa giredi 2 ija, mu 2022. Chilolezo cha MERA mu 2023. Kulembetsa bizinesi ndi kutenga TPIN ku MRA mu 2024. Kusiya ntchito kwa abwana mu 2025. Kusunga K3,000,000 ya mpamba pofika 2030, kutanthauza K300,000 pachaka, K25,000 pamwezi. Panali mzere wina wachisanu ndi chimodzi wa dipuloma ya madzulo ku Poly, umenewu ndinauika chifukwa cha manyazi chabe, anzanga a ku sekondale onse anali ndi mapepala a kukoleji.

Malamulo ndinadziikira atatu. Kutsegula kalata Lamlungu loyamba la Januwale. Mzere uliwonse uyankhidwe ndi chinthu chogwirika, lisiti, setifiketi, sitetimenti, osati zoti ndikuona ngati zikuyenda. Ndipo zosintha zonse zilembedwe ndi bolopeni yofiira pambali ndi deti lake, yakuda ija isakhudzidwe. Lachitatuli ndi limene landithandiza kuposa onse, chifukwa munthu umadzinamiza mosavuta kuti aaa ine chiyambire sindinkafuna zimenezo, pomwe inki yakuda ikukuyang'ana.

Pakona ya tsamba ndinalembaponso, osaganizira nkomwe kuti zidzagwira ntchito, kuti rolo imodzi ya waya wa 2.5 wa masoketi, ya mamita 100, ndagula K30,000 ku Limbe sabata imeneyo.

2 Januwale 2022, kuunika koyamba

Tinakhala pamkeka ndi madamu, mwana atagona. Ndalama zosunga zinali K240,000, kuperewera K60,000, ndipo ndinadziwa komwe inapita, maliro awiri kumudzi ku Thyolo. Pamenepo sindinadandaule. Ndinangolemba ndi yofiira kuti pa K25,000 ija pazikhalanso K5,000 ina yapadera ya zovuta, kuti maliro asamalowe m'thumba la mpamba.

Chimene chinatulukira tsiku limenelo chinali china. Lamulo lija loti chilichonse chikhale ndi pepala linandichititsa kukatenga sitetimenti ya penshoni sabata yotsatira, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chilowereni ntchito. Malamulo a penshoni amati wantchito adulidwe 5 peresenti, bwana aikepo 10 peresenti. Pa K95,000 ndiye kuti ine K4,750, abwana K9,500, pamodzi K14,250 pamwezi, pachaka K171,000. Pa sitetimenti panaoneka miyezi inayi yokha ya 2021, K57,000. Koma pa peyisilipi ankandidula mwezi uliwonse osaphonya. Ndinatenga mapeyisilipi onse 12 mu fayilo muja nkupita nawo kwa a akaunti, osakalipa, kungoti bwana tandithandizeni kuwerenga apa mwina ine ndikulakwitsa. Zinatenga miyezi isanu kuti ndalama zija zioneke. Anzanga ena pakampanipo ataona anakatenganso masitetimenti awo, nkhani yake inali yomweyo. Ndinawonjezera mzere wofiira: sitetimenti ya penshoni, chaka chilichonse, isanafike deti lotsegula kalata.

Epulo 2022

Kumapeto kwa Januwale namondwe wa Ana anaononga ku Kapichira, mphamvu pafupifupi mamegawati 130 zinachoka nthawi imodzi, ndipo amene munali mu Blantyre mukukumbukira momwe magetsi ankazimira, tsiku lonse nthawi zina. Mafoni anayamba kulira, aliyense akufuna inveta ndi batire, ena sola. Mu kalata yanga ya zaka 10 mawu oti sola munalibe ngakhale kamodzi. Ndinalemba ngati kuti ntchito ya magetsi idzakhala momwe ndinaipezera, kuwaya nyumba basi.

Ndinalandira ganyu ku Chilomoni, inveta ya mawati 1,000 pa batire la mavoti 12. Ndinaganiza ngati munthu wozolowera mavoti 230, nkuti waya wa 6 umene timaika ku kuka ndi waukulu kale, ukwana. Masamu ake ndi osavuta koma sindinawachite: 1,000 kugawa ndi 12 ndi maampu opitirira 80, ukaonjezera zomwe inveta imataya yokha ukuyandikira 100. Pamenepo pamafunika waya wa 25, waufupi, wokhala ndi fyuzi pafupi ndi batire. Patatha masiku atatu mayi a panyumbapo anandiimbira kuti kukununkha pulasitiki ndipo inveta ikumangolira nkuzima akayatsa firiji. Nditafika waya unali wofewa ngati chingamu, chikopa chake chitayamba kuda pafupi ndi malagi, tizitsulo tomangira wayayo ku batire. Mulungu yekha, nyumba ikanapsa. Ndinagula waya woyenera, malagi, fyuzi, nkubwezanso theka la ndalama ya ntchito, zonse K70,000 kuchoka m'thumba la mpamba.

Usiku umenewo ndinatsegula kalata ngakhale sinali Januwale. Ndinalemba mzere watsopano wa kosi yaifupi ya sola, ndi lamulo lachinayi: ukaonjezera mzere uchotsenso wina, chifukwa ndalama ndi ma Loweruka ndi omwewo. Umene unapita ndi wa dipuloma ija. Poly nayo inali itasintha kale dzina kukhala MUBAS. Ndinaudula ndi mzere umodzi wofiira woti mawu azionekabe, pambali nkulemba kuti "unali wa manyazi, sunali wanga".

Ogasiti 2022

Giredi 1 yaphonyeka, ndipo wolakwa ndine. Mu kalata ndinangolemba kuti 2022, ndiye mutu wanga unkati chaka chikadalipo. Nditapita kukafunsa za kulembetsa anandiuza kuti anatseka masabata atatu apitawo. Kubwerera pa minibasi ndinali duu, kondakitala mpaka anandifunsa kawiri za chenji changa.

Vuto lake ndi loti kuunika kamodzi pachaka kumakuuza kuti walephera zinthu zitatha kale. Ndiye pa mzere uliwonse ndinaikapo madeti awiri, lina lokafunsa, lina lomaliza. Lokafunsalo ndimaliika mu foni ndi alamu. Pa giredi 1 ndinalemba kuti kukafunsa sabata yoyamba ya Febuluwale 2023, ndi kumapitanso mwezi uliwonse mpaka dzina langa litalowa. Kuchedwa kumeneku kunakankha mizere ina yonse, chifukwa ine ndinafuna kukapempha chilolezo ndili ndi giredi 1 m'manja, ndipo kusiya ntchito kumadikira chilolezocho. Poyamba ndinailemba ngati mizere yoima payokhayokha, pomwe ili ngati mababu olumikizidwa motsatizana pa waya umodzi, limodzi likapsa onse azima.

18 Febuluwale 2023, kuunika kwachiwiri

Inde, Febuluwale. Lamlungu loyamba la Januwale linagwera pa 1, tinali kumudzi, kope linali ku Zingwangwa. Titabwerako kunali lendi, kunali feteleza wobereka wa amayi kumudzi, kolera inali itavuta mumzinda mpaka masukulu anachedwa kutsegulira, ndipo kunena zoona ndinkaiopa kalatayo chifukwa ndinkadziwa kuti muli giredi 1 imene sindinalembe. Masabata asanu ndi awiri ndikuilambalala ngati munthu amene ndili naye ngongole. Anaitulutsa ndi madamu, anangoiika pa tebulo pambali pa tiyi nkuti, "Bambo a mwana, alendo anu aja akudikirabe."

Deti ndinalisintha kukhala Loweruka lomaliza la Januwale, salale italowa, mutu utakhazikika. Ndipo kuyambira pamenepo amene amasunga kope ndi madamu, osati ine.

Ndalama zinali K520,000. Poyerekeza ndi K600,000 ya zaka ziwiri ndinaona ngati si zoipa, poti panali K70,000 ya ku Chilomoni ija. Koma mu Meyi 2022 kwacha inali itagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo diso langa linagwera pakona paja pamene ndinalemba mtengo wa waya. Ndinatulutsa lisiti ya sabata imeneyo, rolo yomweyo K45,000. Ndinangolemba mtengowo pansi pa woyamba uja nkutseka kope, sindinafune kuganiza zambiri tsiku limenelo.

Malichi 2023

Za namondwe wa Freddy sindilemba zambiri, anthu anataya abale awo ku Chilobwe ndi m'mbali mwa phiri la Soche, pafupi ndi ife pomwepa, ndipo mnyamata wina amene ndinkamutenga pa maganyu anataya mayi ake. Ife madzi anangolowa m'nyumba kufika m'mawondo. Kope linali m'katoni pansi pa bedi. Inki yakuda inapirirako, yofiira ija inasungunuka yonse, masamba anangosanduka apinki. Chinandipulumutsa ndi chakuti mu Febuluwale muja ndinajambula masamba onse pa foni nkutumizira achimwene anga ku Lilongwe pa watsapu kuti aone. Ndinagula kope lina K2,500, nkukopera zonse liwu ndi liwu, ndi madeti ake, ndi zodula zomwe. Malisiti ambiri a mu fayilo anafufutika, aja a pepala lopyapyala a m'mashopu amayera okha ngakhale popanda madzi. Pano lisiti iliyonse yofunika ndimaijambula tsiku lomwelo, kope limakhala mu jumbo pamwamba pa wadiropu.

K150,000 ya mpamba inapita ku matiresi, ufa ndi kuthandiza mnyamata uja. Ndinalemba mu kope momwemo, osaika chizindikiro cha kulephera.

Disembala 2023

Giredi 1 yatheka. Ndinalembetsa nthawi yabwino, Loweruka lililonse kwa miyezi itatu ndinkapita ku Ndirande kwa mdala uja kukayeserera ma sitata a mota, sita-deluta makamaka, poti kuntchito kwathu timangowaya nyumba ndi mashopu, mota sitiigwira kawirikawiri. Sankandilipiritsa, ndinkangopita ndi shuga ndi buledi. Zonse pamodzi, kulembetsa, thiransipoti, zida zoyeserera ndi shugayo, zinandidya K110,000. Kosi ya sola ya masabata awiri ndinachitanso chaka chomwechi, K90,000, ndi tchuthi changa chapachaka chonse.

27 Januwale 2024, kuunika kwachitatu

Apa mpamene kalata inagwedezeka zenizeni, ndiye ndikhalitsapo pang'ono.

M'thumba la mpamba munali K800,000. Maganyu a sola anali atabweretsa kanthu ndithu, ndipo ngakhale panali Freddy ndi mafizi aja, nambala inkaoneka bwino, kuperewera K100,000 yokha pa K900,000 ya zaka zitatu. Ndinayamba kumwetulira. Madamu anati tawerengani m'mawaya anu aja.

Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika cha m'ma K1,700. Pamene ndinkalemba kalata dola inali pafupifupi K780. Waya, mabuleka, mainveta, pafupifupi chilichonse chimene ndimagwiritsa ntchito chimachokera kunja, ndiye mitengo yake imathamanga ndi dola. Rolo ija tsopano inali K85,000.

Tinawerenga chonchi. K3,000,000 ya mu 2021 inali marolo 100, kutanthauza marolo 10 pachaka. Januwale 2022, K240,000 pa mtengo wa K30,000, marolo 8. Febuluwale 2023, K520,000 pa K45,000, marolo 11 ndi theka. Januwale 2024, K800,000 pa K85,000, marolo 9 ndi kachidutswa. Ndiye kuti chaka chonse cha 2023 ndinadzimana, ndinakwera madenga a anthu dzuwa likuswa mtengo, ndalama zinakwera ndi K280,000, koma katundu amene ndikanagula anatsika ndi marolo awiri. Pamene ndinayenera kukhala pa 30 ndinali pa 9. Ndipo K3,000,000 yonse ija, nditati ndaipeza tsiku limenelo, ikanagula marolo 35 okha.

Ndinakhala chete nthawi yaitali. Cholakwika sichinali kusunga kwanga, chinali choyezera. Ndinayeza zaka 10 ndi tepi imene ikufupika chaka chilichonse.

Tinadzifunsa kuti kodi mpambawo unali wa chiyani kwenikweni, chifukwa mu 2021 ndinangotchula nambala yozungulira yokoma kukamwa. Titaulemba unatuluka kuti ndi zinthu ziwiri, zida zoti ndigwire ntchito popanda kubwereka za abwana, ndi katundu wokwana kuyamba nyumba imodzi kasitomala asanamalize kulipira. Ndiye mzere wa K3,000,000 ndinaudula, m'malo mwake ndinalemba mayina a zinthu, chilichonse ndi chaka chake: mega yoyezera ngati waya sakutaya moto, kilampu mita, dirilo yoboola konkire, gilayinda yodulira khoma, makwerero aatali, kirimpa ya malagi, kenako katundu wa nyumba ya zipinda zitatu, waya wa 1.5 wa magetsi owunikira, wa 2.5 wa masoketi, wa 6 wa kuka, bokosi la mabuleka. Ndalama yongokhala tinagwirizana kuti izikhala yokwana lendi ndi chakudya cha miyezi itatu, ndipo nayonso ilembedwe kuti miyezi itatu, osati nambala.

Sabata yotsatira ndinagula mega K260,000 ndi dirilo K190,000. Mega ndinaiika patsogolo chifukwa ndi imene imasiyanitsa munthu wongokoka waya ndi munthu woti asayine pepala: umayeza pa mavoti 500, ndipo ikawerenga pansi pa megaomu imodzi ndiye kuti penapake pali vuto, waya wasupuka m'paipi kapena mwalowa madzi, usayatse.

Dirilo ija inandiphunzitsa zina. Ndinathamangira yotchipa, dzina lake lofanana ndi la kampani yodziwika kungosiyana chilembo chimodzi, inagwira miyezi iwiri nkuyamba kutulutsa moto ndi fungo, kushopu anati za magetsi sitibweza. K190,000 inapita choncho. Ndiye kusunga chuma m'zida nakonso kuli ndi msampha wake, chida chabodza chimagwa msanga kuposa kwacha, ndipo waya wosunga m'nyumba umafuna loko wabwino. Waya wabodzanso ulipo, wolembedwa 2.5 koma mkati mwake ndi woonda kapena ndi aluminiyamu wopaka kopa, ukaupala ndi mpeni umayera, ukaunyamula rolo yake imapepuka. Pano ndikamalemba mtengo wa rolo mu kope ndimalemba wa mtundu umodzi womwewo, shopu yomweyo, apo ayi choyezera chimanamanso.

Julayi 2024

Chilolezo cha MERA chili m'manja, chaka chimodzi mochedwa poyerekeza ndi inki yakuda. Mafotokope, zithunzi, zolipira ndi maulendo ndinali nditazisungira padera kuyambira Febuluwale, alamu ya kukafunsa ija inagwira ntchito. Nyumba yoyamba kusayina ndekha inali ku Machinjiri, zipinda ziwiri ndi pabalaza, ndinayeza sekiti iliyonse kawiri ngakhale mwini nyumba ankandithamangitsa kuti kukuda. Pobwerera ndinadzera ku Ndirande kukawaonetsa mdala. Anachigwira, kuchitembenuza, nkuti, "Tsopano anzako ayamba kubwera kudzabwereka. Nyumba imene sunaiyeze wekha usadzasayine, ikapsa adzafuna iwe." Sanalakwe, pasanathe mwezi anabwera atatu. Ndinalemba mawu awowo mu kope ngati lamulo lachisanu. Amene akufuna siginecha yanga ndimapita ndi mega, amalipira kuyezako, ndipo mmodzi anakwiya nditamuuza kuti asinthe waya wa ethi, woteteza munthu kuti asagwidwe ndi magetsi, umene anaudumphitsa ku bafa, mpaka lero sitiyankhulana.

Bizinesi ndinalembetsanso mwezi womwewu, TPIN ndinatenga. Mzere umenewu wokha ndi umene wachitika m'chaka chimene ndinalemba poyamba.

25 Januwale 2025, kuunika kwachinayi

Inki yakuda ikuti chaka chino ndisiye ntchito. Mtima ukufuna kwambiri, abwana ndatopa nawo, ndipo ndikanakhala ndekha ndikanalemba kalata yotsanzika Lolemba.

Koma chaka chatha tinasintha mzere umenewu, chifukwa chaka pachokha sichidziwa ngati munthu wakonzeka. Tinaika zinthu zitatu zoti zikwane kaye. Chilolezo, chimenecho chilipo. Ndalama ya miyezi itatu, ilipo ya miyezi iwiri ndi theka. Chachitatu, phindu la maganyu anga, nditachotsa katundu, thiransipoti ndi malipiro a wondithandiza, lipose salale kwa miyezi isanu ndi umodzi yotsatizana. Mawu oti phindu ndinawadula mzere kunsi, chifukwa poyamba ndinkawerenga ndalama yonse yolowa pa Airtel Money ngati yanga, pomwe gawo lalikulu ndi la waya wa kasitomala.

Tinatsegula buku la malisiti. Juni, Julayi, Ogasiti, Seputembala, miyezi inayi phindu linaposa salale. Okutobala ndi Novembala mafuta anasowa, mizere pa mafilingi siteshoni, minibasi ndi kabaza zinakwera mtengo, ntchito ina ku Lunzu ndinapitako maulendo anayi thiransipoti nkudya phindu lonse, ndipo makasitomala awiri anaimitsa zomanga. Disembala inakweranso. Ndiye isanu mwa isanu ndi iwiri, koma yotsatizana inayi basi. Ndinayesa kukambirana nawo madamu kuti mafuta si vuto langa, tingowerenga ngati yakwana. Anati, "Mukadzasiya ntchito mafuta adzasiya kusowa?" Nkhani inathera pomwepo.

Tinaonanso chinthu china m'bukumo chimene sindinkachiwerenga. Pa makasitomala 23 a chaka chatha, 14 anabwera kudzera mwa fomani mmodzi wa zomanga. Akadzangokwiya nane kapena kusamukira ku Lilongwe, bizinesi yanga yatha theka. Ndawonjezera mzere woti pofika Januwale 2026 munthu mmodzi asamabweretse kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a ntchito zanga, ndipo potsata lamulo lachinayi ndachotsa makwerero aatali pa zogula za chaka chino, ndizibwerekabe kwa mdala. Kusiya ntchito ndakusuntha kupita ku 2026, pambali ndalemba chifukwa chake ndi deti. Anyamata awiri olipidwa pamwezi akadali pa 2030, sindinawakhudze.

Rolo ya 2.5 sabata ino ndagula K120,000. Zida zimene zagulidwa kale pa mndandanda ndi mega, kilampu mita, kirimpa ndi gilayinda. Dirilo ikudikirabe, alamu yokafunsa mtengo wa yeniyeni ndaiika pa 1 Malichi, ndipo ulendo uno ndipita ndi mdala akaigwire okha ndisanalipire.